Kutsanzikana ndi mnzathu amene ntchito yamuthera



Lero ndikufuna ticheze makamaka ndi inu amene mumayang'anira anzanu kuntchito: akapitawo, akulu a nthambi, mamanijala, ngakhale inu amayi amene muli ndi atsikana atatu mu saluni. Limafika tsiku loti mmodzi mwa anthu anu walandira kalata yoti ntchito yatha. Sanabe, sanajombe, koma ndalama zachepa ndipo akuluakulu agamula zochepetsa antchito. Kalatayo imalembedwa ndi a ku ofesi yoona za antchito, m'Chingerezi chouma. Koma pali mawu ena amene munthuyo amadikira kuchokera kwa inu amene mumadya naye nsima ya masana, ndipo mawu amenewo ndi amene ambirife timawaphonya.

Timawaphonya chifukwa cha chifundo. Mmalawi safuna kuona mnzake akugwetsa nkhope, ndiye pakamwa pamangotuluka zoti, "Musadandaule achimwene, zinthu zikangokhala bwino tidzakuitanani." Wonenayo amapepukidwa mumtima nthawi yomweyo. Womvayo amanyamula mawuwo kupita nawo kunyumba, kukauza mkazi wake, kukauza mwini nyumba amene akufuna lendi, mwinanso kukauza wakatapila.

Takumbukirani zimene zinachitika mu 2025. Pa 20 Januwale boma la America linalamula kuti thandizo lopita kumayiko akunja liyambe laima kwa masiku 90, ndipo pasanathe masiku ambiri mabungwe amene ankadalira ndalama za USAID kuno kwathu anauzidwa kuti aimike ntchito. Madalaivala, olemba ziwerengero m'zipatala, alangizi oyenda m'midzi, onse anabwerera kunyumba. Panthawiyo kunali kosavuta kuuza munthu kuti ndi za miyezi itatu chabe. Koma pofika Julayi chaka chomwecho USAID yeniyeniyo inali itatsekedwa. Kapitawo amene anauza anthu ake kuti adikire sananame mwadala, anangolonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake, ngakhale m'manja mwa bwana wake ku Lilongwe.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. M'mawu otsanzikana, lonjezani chokhacho chimene mungachite inuyo ndi manja anu, ndipo mutchule tsiku limene mudzachichite. Zina zonse zinenedwe monga zilili.

Ena anganene kuti kodi kupatsa munthu chiyembekezo n'kulakwa? Tiyeni tione chimene lonjezo lopanda pake limamudyera munthu. Choyamba limamudyera nthawi yofunafuna ntchito ina. Masabata oyambirira munthu akangochoka pantchito ndi amene dzina lake likadali pakamwa pa anthu, nambala za mafoni zikadali zamoyo, ndipo m'thumba mukadali kangachepe kokwerera minibasi kupita kukasiya makalata. Akakhala miyezi inayi akuyang'ana foni kudikira inu, zonsezo zimazilala. Chachiwiri n'chimene anthu ambiri sachidziwa. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limapatsa munthu amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo miyezi itatu yoti akadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lake. Tsono munthu amene wauzidwa kuti adzaitanidwanso sangapite ku leba, amaopa kukwiyitsa abwana amene akuti amukumbukira. Miyezi itatu ija imatha ali phee. Inu mumati mukumutonthoza, chonsecho mwamutsekera khomo limene lamulo linamutsegulira.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze ndi nkhani imodzi. Mayi wina ndi mkulu wa gulu la anthu asanu ndi mmodzi m'bungwe loona zaumoyo, ndipo dalaivala wa gululo, bambo wachikulire kuposa iye, wagwira ntchito zaka 7 zathunthu. Pulojekiti yatha, magalimoto ena aimikidwa, bamboyo walandira kalata. Mayiyu usiku wonse tulo osabwera, foni ili m'manja, akulemba n'kufufuta.

Uthenga umene umabwera msanga m'mutu ndi wotere: "Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zachitika. Ineyo sindinadziwe chilichonse, ndi a ku likulu. Musadandaule, ndalama zikabwera muli oyamba kuitanidwa. Ndikufunirani pena, ndili ndi anthu ambiri. Ndalama zanu mulandira zambiri ndithu. Mulungu ali ndi cholinga."

Uthengawu ukumveka wachikondi, koma muli malonjezo atatu ndipo palibe ngakhale limodzi limene mayiyu angalikwaniritse yekha. Woitana anthu pantchito si iye. Ntchito za m'mabungwe ena sagawa ndi iye. Ndalama sawerengera ndi iye. Mulinso kudzichotsa pamlandu kuja, "sindinadziwe chilichonse." Ngati ndi zoona, bamboyo sizimuthandiza kanthu. Ngati si zoona, ndipo nthawi zambiri mkulu wa gulu amafunsidwa maganizo mayina asanatuluke, zidzamveka ndithu, chifukwa m'maofesi mwathu nkhani sigona. Tsiku limene bamboyo adzamve kuti amayi aja anakhala nawo pamsonkhano wosankha mayina, ngakhale mawu abwino amene anali oona adzawataya.

Asanalembe chilichonse, mayiyu ayambe wapita ku ofesi yoona za antchito kukafunsa zinthu zingapo, kuti asakanene zosiyana ndi kalata. Tsiku lomaliza ndi liti? Munthu wolandira malipiro pamwezi lamulo limati apatsidwe notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipidwe ndalama za mwezi umenewo m'malo mwa notisi, ndiye adziwe kuti bungwe lasankha ziti. Chifukwa chimene chalembedwa m'kalata n'chiyani? Nanga iye monga kapitawo akuloledwa kulemba kalata ya umboni pa pepala la bungwe, kapena alembe m'dzina lake? Akapanda kufunsa zimenezi, adzalonjeza kalata Lachisanu n'kupeza kuti malamulo a bungwe salola.

Pa nkhani ya ndalama ndiyimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene akapitawo ambiri amapsa pakamwa. Munthu akachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, lamulo limati alandire ndalama zimene timazitcha sevaransi. Kawerengedwe kake, malinga ndi kusintha kwa lamuloli mu 2010, n'kotere: pa zaka zisanu zoyambirira, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu, kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10, masabata atatu pa chaka, kupitirira apo, masabata anayi. Dalaivala wathu wa zaka 7 ndiye kuti ali ndi masabata 10 a zaka zisanu zoyamba, kuphatikiza masabata 6 a zaka ziwiri zotsatirazo, onse pamodzi masabata 16. Ngati malipiro ake a sabata imodzi akukwana K120,000, ndalamazo zikhala K1,920,000. Pambali pa izi pali masiku a tchuthi amene sanapite, komanso penshoni yake, imene bwana amayenera kuikako 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti mwezi ndi mwezi.

Mayiyu ayenera kuzidziwa zimenezi, koma nambala imeneyo asailembe mu uthenga wake. Sadziwa ngati bamboyo ali ndi ngongole ya kuntchito kapena ya ku SACCO imene idulidwe. Sadziwa ngati zaka 7 zija zinali zotsatana kapena panali kaduka pakati. Ndipo m'mabungwe ambiri anthu amagwira pa kontirakiti ya chaka chimodzi chimodzi, pamene nkhani ya munthu amene kontirakiti yake yangofika kumapeto imatha kusiyana ndi ya munthu amene wadulidwa pakati. Akalemba kuti mulandira pafupifupi mamiliyoni awiri, bamboyo akapanga mapulani a mamiliyoni awiri, mwina kukapereka chikole pa njinga yamoto ya kabaza, kenako mu akaunti mulowa theka. Chimene mayiyu angachite ndi kumuuza kuti apemphe pepala losonyeza mmene awerengera ndalama iliyonse, ndi kumuperekeza ku ofesi ya akaunti ngati akufuna. Kuperekeza munthu kuli m'manja mwake.

Tsopano tamverani uthenga umene ine ndingaugwirizane nawo.

"Bambo, ndalemba ndine, si ofesi. Zimene zili m'kalata mwalandira ija ndi zoona: ntchito yanu ikutha kumapeto kwa mwezi uno chifukwa pulojekiti yatha ndipo magalimoto aimikidwa. Si chifukwa cha kagwiridwe kanu ka ntchito. Zaka 7 zonsezi sindinakudikirenipo m'mawa, ndinu mumandidikira ine. Sindidzaiwala Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy atawononga misewu ya ku Phalombe, mmene munatsika n'kuyesa madzi ndi mapazi anu musanaolotse galimoto, mankhwala n'kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Zoti malo anu adzabwereranso sindikudziwa, ndipo wogamula si ine, choncho chonde musadikire ife, yambani kufunsira kwina. Zimene ndingathe ndi izi. Kalata ya umboni ndikupatsani Lachisanu lino. Nambala yanga muilembe pa makalata anu ofunsira ntchito, akaimba ndiyankha. Lolemba ndikhoza kupita nanu ku akaunti kuti mukaone mmene awerengera ndalama zanu. Mukafuna kuti tikhale pansi ticheze, ndilipo. Mukafuna kukhala kaye panokha, ndimvetsa. Zikomo bambo chifukwa cha zonse."

Mwamva kuti uthengawu wayamba ndi kutsimikiza nkhani yowawayo. Munthu akalandira kalata yotere, mtima umakana kaye, amaganiza kuti mwina pali kulakwitsa, mwina amayi akalankhula ndi akuluakulu zisintha. Kapitawo akazungulira, akumati "zimene zikumvekazi" kapena "tiona mmene zikhalire," amathirira kukana kumeneko. Kunena poyera kuti ntchito ikutha, ndi tsiku lake, kumapweteka kamodzi.

Mwamvanso chiganizo chija, "si chifukwa cha kagwiridwe kanu ka ntchito." Kwa munthu wochotsedwa, chimenechi ndi chiganizo cholemera kuposa zonse, chifukwa funso limene limamusowetsa tulo ndi lakuti, bwanji ineyo? Kwathu kuno munthu akachoka pantchito mwadzidzidzi, anthu a m'dera amayamba kunong'ona kuti waba mafuta, makamaka akakhala dalaivala. Mawu olembedwa ochokera kwa kapitawo wake akhoza kuwaonetsa mkazi wake ndi abale. Koma chiganizochi muchilembe pokhapokha chili choona. Nthawi zina posankha amene atsale ndi amene apite, akuluakulu amayang'anadi kagwiridwe ka ntchito, ndipo amene wapita ndi amene anali kumbuyo. Zikatero musaname, komanso tsiku lotsanzikana si tsiku lomuwerengera zofooka zake. Nenani chimene chili choona: malo achepa, anafunika kusankha, ndipo tchulani chinthu chimene ankachita bwinodi. Akadzafunsa yekha kuti ndikonze pati, mudzamuuze pamaso, mwaulemu, tsiku lina.

Nkhani ya ku Phalombe ija ili ndi ntchito yake. Mawu oti "munali wolimbikira ndi wodzipereka" amalembedwa kwa aliyense, ndipo wolandira amadziwa kuti ndi a aliyense. Koma kukumbutsa munthu tsiku limene anavula nsapato n'kulowa m'madzi kumamuuza kuti panali wina amene ankaona. Komanso mwamupatsa nkhani yoti akanene pa intavyu akadzafunsidwa za vuto limene anathana nalo. Ngati mwakhala ndi munthu zaka zingapo koma simungakumbuke chinthu chimodzi chotere, funsani anzake a m'gulu musanalembe, akuuzani.

Chiganizo chovuta kulemba ndi chija choti musadikire ife. Chala chimanjenjemera, chimaoneka ngati nkhanza, ngati mukumukankha munthu. Koma pa uthenga wonsewo ndi chimene chidzamuthandize kwambiri. Ndipo ngati mwayi ulipodi, tinene kuti bungwe lapempha ndalama kwina ndipo yankho likuyembekezeka, nenani kukula kwake kwenikweni: tapempha, yankho silinabwere, likabwera malo adzalengezedwa ndipo mudzayenera kufunsira ngati wina aliyense, ine ndidzakutumizirani chilengezocho tsiku limene chituluke. Kutumiza chilengezo mungathe. Kumulemba ntchito simungathe. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo Herode analonjeza ali pachisangalalo, asanaganize kuti adzapemphedwa chiyani.

Pa za kalata ya umboni, pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Lamulo limati munthu akachoka pantchito, akapempha, bwana amupatse satifiketi yosonyeza kuti anagwira kumeneko, nthawi imene anagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Satifiketi imeneyi siyamikira kapena kunyoza munthu, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwamo ngati mwiniwake wapempha. Munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito ndi bwino apemphe kuti chifukwacho chilembedwe, kuti kumene akupita asamuganizire zoipa. Imeneyo ndi ya ofesi, ndi ufulu wake, musaipereke ngati mphatso yochokera kwa inu. Kalata yanu ya umboni ndi ina, ndi imene imanena kuti munthuyu sanachitepo ngozi, amasamala buku la maulendo, amadziwa misewu ya kum'mwera konse. Mulembe zimene mungazibwereze pa foni wina akakufunsani mwadzidzidzi.

Ndinenepo za Mulungu, podziwa kuti ena simugwirizana nane. Ndife anthu opemphera, ndipo ngati inu ndi mnzanuyo mumapemphera limodzi, kumuuza kuti ndikukupemphererani n'kwabwino, bola muzipempheradi. Chimene ndimakana ndi kapitawo amene ntchito yake ili bwinobwino, malipiro alowa pa 25, kuuza munthu wa ana anayi kuti ichi ndi cholinga cha Mulungu ndipo kutsogolo kuli zazikulu. Limenelonso ndi lonjezo, mwangolisainira dzina la wina. Mawu amenewo asiyireni abusa ake kapena shehe wake, kapena mwiniwakeyo adzawanene yekha zinthu zikadzayenda. Chimodzimodzi nthabwala zoti mwapuma, tsopano mukalima. Amene watsala pantchito sayenera kuuza amene wapita kuti kupitako n'kwabwino. Ndipo musamudandaulire za inu, zoti ntchito yakuchulukirani kapena simunagone. Mukatero mumamusandutsa wokutonthozani.

Kanenedwe kake kalinso ndi dongosolo. Uthenga wanu usafike kalata ya ofesi isanafike, chifukwa mukhoza kunena tsiku kapena chifukwa chosiyana ndi cha m'kalata, ndipo nkhani ikadzafika ku khoti loona za antchito, uthenga wa pa foni umakhala umboni. Kalata ikaperekedwa, musachedwenso. Tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kwa munthu wamkulu ngati dalaivala wathuyu, kungotumiza uthenga pa foni inu muli chipinda chachiwiri n'chipongwe. Muitaneni pambali, khalani pansi, nenani pakamwa, kenako mutumize zolembedwazo kuti akhale nazo, popeza munthu wodzidzimuka samva theka la zimene wauzidwa.

Kenako pamabwera gulu la WhatsApp la kuntchito. Apa mufunseni kaye: kodi anzanu ndiwauze ine, kapena muwauza nokha, nanga ndinene chiyani? Ena amafuna kutsanzika okha, ena safuna phokoso. Pagulu lembani mwachidule, kuti bambo athu akutisiya kumapeto kwa mwezi chifukwa pulojekiti yatha, ndi chinthu chimodzi chowathokoza. Za ndalama zawo, za ana awo, za ngongole zawo, ayi. Ndipo chonde, a adimini, musamuchotse munthu pagulu masana a tsiku lomwelo anthu onse n'kuona pa foni kuti wachotsedwa. Muuzeni tsiku limene gululo liyenera kutsala la ogwira ntchito okha, atuluke yekha. Ngati muli ndi chipereganyu cha pa ofesi ndipo iye wakhala akusonkha koma sanalandire, khalani pansi mugwirizane msanga mmene alandirire zake, asachite kukumbutsa. Munthu amene ntchito yamuthera amachita manyazi kufunsa ngakhale ndalama zake zomwe.

Mwina ayankha mokwiya. Mwina anena kuti amayi, munadziwa kalekale koma osandiuza. Ngati munadziwadi, vomerani: ndinadziwa masabata angapo apitawo, sindinaloledwe kunena, ndipo ndikumvetsa kuti zakupwetekani. Musayambe kunyoza akuluakulu kuti muoneke wabwino, ndipo musawonjezere lonjezo latsopano kuti mkwiyo uzizire, chifukwa apa ndi pamene "ndikufunirani pena" amatulukira. Akanena kuti akupita ku leba, musamuletse ndipo musamuopseze kuti adziwonongera mbiri. Ndi ufulu wake. Mwinanso sayankha n'komwe. Musamuumirize. Kalata ya Lachisanu ija ilembedwebe, ayankhe asayankhe.

Poyesa ngati uthenga wanu uli bwino musanautumize, werengani chiganizo chilichonse chimene chikunena za m'tsogolo n'kudzifunsa kuti wochita ndani. Ngati wochita ndi likulu, opereka thandizo, a akaunti kapena mnzanu wa ku bungwe lina, chifufuteni kapena chisandutseni chinthu chimene mungachite inu. Ngati wochita ndinu, ikanipo tsiku, ndipo tsikulo mulilembe mu kalendala ya foni yanu. Malipiro otsala lamulo limati aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha, ndiye sabata imeneyo ikadutsa, imbani foni mufunse ngati ndalama zalowa. Ngati sizinalowe, inu amene mukadali m'katimo ndi amene mungakwere masitepe kukagogoda ku akaunti.

Inu akapitawo amene muli ndi munthu amene anachoka miyezi yapitayi mutamuuza kuti mudzamuitana, ndipo mukudziwa mumtima kuti malowo sabweranso, muimbireni sabata ino mumuuze zoona, ndipo mumufunse ngati kalata ya umboni anailandira.